Nambala ya invoisi yotsatira: momwe TEXT imaikira zilembo ndi maziro kutsogolo

Kabuku aka n'ka ndani

Mabanja ambiri a ku Ndirande, Chirimba ndi madera oyandikira amadalira mafakitale a ku Makata ngakhale palibe wa m'banjamo amene analembedwako ntchito. Ena amasoka maovolosi, ena amaperekera mazira ndi ndiwo zamasamba ku makantini, ena amawotcherera zitsulo kapena kunyamula katundu. Kampani silipira pamanja ngati kasitomala wa pamsika. Imafuna invoisi, ndipo wa ku maakaunti akamafufuza malipiro anu, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Invoisi nambala chani?"

Ngati mumalemba mainvoisi pa kompyuta kapena pa foni ndi Excel, Google Sheets, WPS Office kapena LibreOffice Calc, kabuku aka kakuonetsani momwe tsamba lingakupatsireni lokha nambala yotsatira, yooneka ngati MKT-0047. Chitsanzo chathu ndi cha banja losoka maovolosi lomwe linali ndi buku la mainvoisi la makaboni, ndipo linalekezera pa nambala 46.

Dziwani izi musanayambe: ngati bizinesi yanu inalembetsa msonkho wa VAT ku MRA, malisiti a msonkho muyenera kuwatulutsa m'njira imene MRA inalamula. Tsamba la Excel sililowa m'malo mwa njira imeneyo. Zimene zili munozi ndi za kaundula wanu wa pakhomo ndi mainvoisi wamba.

Maziro akutsogolo ndi a ntchito yanji

Lembani 0047 m'kabokosi ka Excel n'kudina Enter. Muona kuti patsala 47 basi. Excel imaona kuti mwalemba nambala, ndipo kwa iyo maziro akutsogolo alibe phindu, choncho imawataya.

Koma pa invoisi maziro amenewa ali ndi phindu. Mukangoika zilembo kutsogolo, monga MKT-, chonsecho chimasanduka mawu, ndipo kompyuta imasanja mawu poyerekeza chilembo ndi chilembo kuyambira kumanzere. Ndiye mafayilo kapena mizere yopanda maziro ikhoza kusanjika chonchi: MKT-1, MKT-10, MKT-11, MKT-2. Invoisi ya khumi yadumpha yachiwiri chifukwa 1 amabwera 2 asanabwere. Zikakhala MKT-0001, MKT-0002 mpaka MKT-0010, zonse zili ndi utali umodzi ndipo zimatsatana bwino. Diso nalonso limagwira msanga pamene nambala yasowa.

Zimene TEXT imachita

TEXT imafuna zinthu ziwiri: nambala, ndi maonekedwe amene mukufuna kuti nambalayo ikhale nawo. Yesani izi m'kabokosi kalikonse kopanda kanthu:

```
=TEXT(47,"0000")
```

Patuluka 0047. Ziro aliyense ali pakati pa zizindikiro " " akuimira malo amodzi amene ayenera kudzazidwa. Nambala 47 yadzaza malo awiri, ndipo awiri otsalawo adzazidwa ndi maziro. Mukaikapo 5 patuluka 0005, mukaikapo 312 patuluka 0312.

Tsopano lumikizani zilembo zakutsogolo ndi chizindikiro cha &:

```
="MKT-"&TEXT(47,"0000")
```

Patuluka MKT-0047. Zilembo sankhani zanu. Ambiri amatenga zilembo ziwiri kapena zitatu za dzina la bizinesi. Mukasankha, musamasinthesinthe.

Mfundo imene muyenera kuigwira bwino ndi iyi: chimene TEXT yatulutsa si nambalanso, ndi mawu. MKT-0047 simungaiwonkhetse ndi 1, ndipo MAX, imene imafufuza nambala yaikulu, ikapeza kolamu ya mawu okhaokha imangoyankha 0. N'chifukwa chake nambala yeniyeni iyenera kukhala m'kolamu yakeyake, ili 47 wamba, ndipo TEXT izingoiveka zovala zokaonekera kwa kasitomala. Mavuto ambiri amene anthu amakumana nawo amayamba pamene aphatikiza ziwirizi.

Konzani kaundula

Fayilo yanu ikhale ndi masamba awiri. Loyamba litcheni `Kaundula`, lachiwiri `Invoisi`. Maina akhale a liwu limodzi, opanda mpata pakati, kuti fomula isavute kulemba.

Pa tsamba la `Kaundula`:

1. Mu mzere woyamba lembani mitu: A1 Tsiku, B1 Nambala, C1 Invoisi, D1 Kasitomala, E1 Ndalama, F1 Ndemanga.
2. Mu mzere wachiwiri lembani invoisi yomaliza ya m'buku lakale. M'chitsanzo chathu, mu B2 mulowa 46. Lembani 46 yekha, popanda maziro kapena zilembo.
3. Mu C2 lembani fomula ili m'munsiyi.
4. Gwirani kakona ka kumunsi kumanja kwa C2 n'kukokera pansi mizere mazana angapo.

```
=IF(B2="","","MKT-"&TEXT(B2,"0000"))
```

Gawo la IF likunena kuti ngati B2 mulibe kanthu, C2 namonso musaoneke kanthu. Popanda gawo limeneli, mizere yonse yosalembedwa ingadzaze ndi MKT-0000.

Onani kuti fomula imeneyi imangoyang'ana kabokosi ka mu mzere wake womwewo. Sidalira mzere wa pamwamba. Choncho mukhoza kusanja kaundula potsata maina a makasitomala kapena kukula kwa ndalama, ndipo invoisi iliyonse ikhalabe ndi nambala yake.

Ngati mulibe buku lakale ndipo mukuyamba kumene, siyani kolamu B yopanda kanthu. Nambala yoyamba ituluka yokha MKT-0001.

Fomula ya nambala yotsatira

Pitani ku tsamba la `Invoisi`, limene mumasindikiza kapena kutumiza. M'kabokosi kamene mukufuna kuti nambala izionekera, lembani:

```
="MKT-"&TEXT(MAX(Kaundula!B:B)+1,"0000")
```

Iwerengeni kuchokera m'kati. `Kaundula!B:B` ndi kolamu B yonse ya m'kaundula. MAX ikufufuzamo nambala yaikulu kuposa zonse, ndipo mutu uja wa B1 ikuudumpha chifukwa ndi mawu. Yapeza 46. Kenako +1 wapanga 47, TEXT yapanga 0047, ndipo & walumikiza MKT- kutsogolo.

Fomula imeneyi musaiike m'kolamu B ya kaundula. Ingakhale ikudziwerengera yokha, ndipo Excel ikuchenjezani ndi uthenga wonena za `circular reference`. Ikhale pa tsamba lina kapena m'kolamu ina.

Kachitidwe ka tsiku ndi tsiku

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka, ngakhale fomula ili bwinobwino. Nambala ya pa tsamba la `Invoisi` siikhazikika. Mukangolemba 47 m'kaundula, iyo imalumphira pa MKT-0048. Ndiye tsatirani ndondomeko iyi osaitembenuza:

1. Dzazani tsamba la `Invoisi`. Mwachitsanzo, maovolosi 12 pa K25,000 imodzi, zonse pamodzi K300,000. Pamwamba pakuoneka MKT-0047.
2. Sungani tsambalo ngati PDF, ndipo fayiloyo muitche MKT-0047. Sindikizani kapena tumizani PDF imeneyo, osati fayilo ya Excel.
3. Nthawi yomweyo pitani ku `Kaundula`, mu mzere wotsatira wopanda kanthu. Lembani tsiku, 47 mu kolamu B, dzina la kasitomala ndi K300,000.
4. Onetsetsani kuti mu kolamu C mwatuluka MKT-0047, mofanana ndi pa PDF.
5. Bwererani ku `Invoisi`. Ngati pakuoneka MKT-0048, zonse zili bwino. Sungani fayilo.

Mukaiwala sitepe yachitatu, kasitomala wa mawa adzalandiranso MKT-0047. Kulemba m'kaundula musakusiyire madzulo. Magetsi akhoza kuthima, mwana akhoza kutenga foni, ndipo pofika mawa simudzakumbuka kuti munalekezera pati.

Kampani ikataya invoisi n'kupempha ina, musatsegule tsamba la `Invoisi` kuti mulembenso, chifukwa lipereka nambala yatsopano ndipo kuoneka ngati mukufuna kulipidwa kawiri. Tumizaninso PDF yakale ija.

Invoisi ikalakwika, musafufute mzere

Tinene kuti MKT-0047 munalemba maovolosi 12 pamene anatenga 10, ndipo pepala lapita kale ku ofesi ya kasitomala. Mtima umafuna kufufuta mzere wa 47 n'kuyambiranso. Mukatero, MAX ibwerera pa 46 n'kukupatsaninso MKT-0047. Pakhala mapepala awiri a nambala imodzi, lina la K300,000 lina la K250,000. Wa ku maakaunti akaona zotere amaimitsa onse awiri, ndipo inu mumayamba kuyendera ndalama zanu.

Siyani mzere wa 47 uli pomwepo. Mu kolamu F lembani kuti "yathetsedwa, onani MKT-0048", ndipo mu kolamu E ikani 0 kuti isalowe m'chiwonkhetso. Tulutsani MKT-0048 yolondola, muuzenso kasitomala kuti yoyamba ija yathetsedwa. Nambala imene yatuluka pakhomo yatha ntchito, kaya ndalama zabwera kaya ayi.

Njira yofala imene imadzavuta patsogolo

Mwina mnzanu anakuonetsanipo njira ina, yosafuna kolamu ya nambala. Amalemba MKT-0046 mu A2, kenako mu A3 amaika:

```
="MKT-"&TEXT(RIGHT(A2,4)+1,"0000")
```

RIGHT ikudula zilembo zinayi zakumapeto, 0046, ndipo +1 akukakamiza Excel kuzitenga ngati nambala. Patuluka MKT-0047. Imagwira ntchito, ndipo pa masabata oyamba simuona vuto. Koma mzere uliwonse watsamira pa wa pamwamba pake, ndipo zotsatira zake ndi izi.

Mukafufuta mzere umodzi pakati, yonse ya pansi pake imasanduka `#REF!`. Mukakonza pokokeranso fomula, `#REF!` imatha koma vuto lakula: invoisi iliyonse ya pansi yatsika ndi 1. Imene kasitomala ali nayo ngati MKT-0060 kwa inu yakhala MKT-0059, ndipo palibe chokuchenjezani. Mukasanja kaundula potsata maina, manambala amatsalira m'malo mwake kapena kusokonekera, osatsata eni ake.

Palinso vuto lobisika. Wina akalemba pamanja MKT-1046 n'kusiya mpata kumapeto mosazindikira, RIGHT imatenga mpatawo ngati chilembo. Zinayi zakumapeto zimakhala 0, 4, 6 ndi mpata, ndipo nambala yotsatira imatuluka MKT-0047 m'malo mwa MKT-1047. Pofika MKT-10000 zimachitikanso zofanana: RIGHT imangodula 0000, ndipo mumayambiranso pa MKT-0001.

Njira ya ROW, yotenga nambala ya invoisi kuchokera ku nambala ya mzere, nayo ili ndi matenda omwewo. Mukachotsa kapena kulowetsa mzere, manambala onse a pansi amasuntha.

Ngati kaundula wanu ali kale m'njira imeneyi, musamutaye. Chitani izi:

1. Sungani kope la fayilo kaye, mulitche dzina lina.
2. Yerekezani manambala a m'kaundula ndi mapepala kapena ma PDF amene munatumiza, makamaka oyamba, apakati ndi omaliza.
3. Sankhani kolamu ya manambala, dinani `Copy`, kenako `Paste Special` ndi `Values` pamalo omwewo. Mafomula achoka, manambala aumirira.
4. Tsegulani kolamu yatsopano pambali, muikemo fomula ili m'munsiyi, n'kukokera pansi.
5. Kolamu yatsopanoyo muiumitsenso ndi `Paste Special` ndi `Values`. Imeneyo ndiyo kolamu yanu ya nambala, imene MAX iziyang'ana.

```
=VALUE(MID(A2,5,10))
```

MID ikuyambira pa chilembo chachisanu, chifukwa MKT- ndi zilembo zinayi, n'kutenga zonse zotsala. Ngati zilembo zanu zakutsogolo ndi zitatu kuphatikizapo kamzere, 5 akhale 4.

Maziro akhale angati

Werengani mainvoisi amene mumatulutsa. Banja lotulutsa asanu pa sabata limafika cha m'ma 260 pa chaka, ndiye malo anayi, omwe amafika 9999, akwanira kwa zaka zoposa makumi atatu. Malo atatu amatha pa 999, zaka zinayi zisanakwane. Amene amatulutsa makumi awiri pa tsiku ayambe ndi malo asanu.

Malo akatha TEXT sidula nambala. Ikapatsidwa 10000 ndi "0000" imatulutsa 10000 yense. Chimene chimaonongeka ndi kufanana kwa utali kokha, ndiye kusanja kumayambanso kuvuta. Dziwaninso kuti mukadzasintha "0000" kukhala "00000" m'kolamu C yonse, mainvoisi akale adzasintha maonekedwe: MKT-0047 idzakhala MKT-00047, yosiyana ndi ya pa pepala. Sinthani mizere yatsopano yokha.

Kuikamo chaka

Ena amakonda nambala ngati MKT-2025-0047, kuti chaka chizionekeratu. N'zotheka, koma samalani ndi kumene chakacho chikuchokera. Mukagwiritsa ntchito TODAY m'kaundula, pa 1 Januwale mainvoisi onse a chaka chatha adzadzuka atasintha chaka, chifukwa TODAY imatenga tsiku la lero nthawi zonse. Tengani chaka ku tsiku limene munalemba mu kolamu A:

```
=IF(B2="","","MKT-"&YEAR(A2)&"-"&TEXT(B2,"0000"))
```

Pa tsamba la `Invoisi` chitani chimodzimodzi, YEAR iloze kabokosi kamene mumalembamo tsiku la invoisi. Tsikulo liyenera kukhala limene Excel yalizindikira ngati deti. Likakhala kumanja kwa kabokosi, yalizindikira. Likatsamira kumanzere yalitenga ngati mawu, ndipo YEAR ikhoza kubweza `#VALUE!`.

Kodi nambala iziyambiranso pa 0001 chaka chilichonse? Kwa bizinesi ya pakhomo, malangizo athu ndi akuti ayi. Anthu pa foni amafupikitsa, amangoti "ya 47 ija", ndipo ngati chaka chilichonse chili ndi 47 wake, mkangano suchedwa. Nambala izingopitirira.

Zikavuta, yang'anani apa

*Nambala siikusuntha.* Mwalemba 47 m'kaundula koma tsamba likuonetsabe MKT-0047. Onani 47 uja. Ngati ali kumanzere kwa kabokosi, kapena pakona pali kachizindikiro kobiriwira, walowa ngati mawu ndipo MAX ikumudumpha. Zimachitika mukayamba ndi chizindikiro cha ' kapena kolamu ikaikidwa pa `Text`. Ibwezeni pa `General`, kenako lembaninso nambalayo. Ngati zikadali choncho, onani pa `Formulas`, `Calculation Options`, kuti pakhale `Automatic`.

*Nambala yalumpha kutali.* Patuluka MKT-300001. Wina walemba ndalama mu kolamu B m'malo mwa E. Ikatuluka nambala ya m'ma 45,000 kapena 46,000, ndiye kuti mu B mwalowa tsiku, chifukwa Excel imasunga masiku ngati manambala: 1 Januwale 2025 kwa iyo ndi 45658. Chiwonkhetso choikidwa pansi pa kolamu B chimachitanso zomwezi. Mu B musalowe china chilichonse kupatula nambala ya invoisi.

*Fomula ikukanidwa mukadina Enter.* Makompyuta ena, makamaka ochokera ku South Africa kapena ku Mozambique, anaikidwa kuti azilekanitsa zigawo za fomula ndi chizindikiro cha ; osati ndi koma. Yesani chonchi:

```
="MKT-"&TEXT(47;"0000")
```

Excel ya Chipwitikizi imatchulanso TEXT kuti `TEXTO`. Komanso fomula yokopedwa ku WhatsApp kapena ku Word nthawi zina imabwera ndi zizindikiro zopindika m'malo mwa " zowongoka. Fufutani zizindikirozo n'kuzilembanso ndi dzanja.

*Patuluka `#VALUE!` kapena zinthu zosamveka.* Onani ngati munalowetsa zilembo m'kati mwa maonekedwe, monga "MKT-0000" yense m'kati mwa TEXT. M'menemo zilembo zina zili ndi matanthauzo awo: m ndi mwezi kapena mphindi, d ndi tsiku, y ndi chaka, h ndi ola. Zilembo zakutsogolo zikhale kunja, zolumikizidwa ndi &. Onaninso kuti munalemba ziro, osati chilembo O. Pa foni ziwirizi zimafanana kwambiri.

*Maziro akuoneka m'kaundula koma asowa pa invoisi.* Izi zimachitika kwa amene anaika maziro kudzera pa `Format Cells`, `Custom`, 0000. Njira imeneyo imangosintha chimene diso likuona m'kabokosi komweko, m'kati muli 47 yemweyo. Mukalumikiza ndi & patuluka MKT-47. Polumikiza, TEXT ndi yofunika.

Chenjezo la manambala obwerezedwa

Mu G2 ya kaundula ikani fomula iyi n'kukokera pansi:

```
=IF(COUNTIF(B:B,B2)>1,"YABWEREZA","")
```

Nambala ikalembedwa kawiri, mizere yonse iwiri ionetsa mawuwo.

Koma chenjezo limeneli limangoona za m'fayilo imodzi. Pa mabanja ambiri vuto limachokera kwina: bambo ali ndi kope pa laputopu kunyumba, mayi ali ndi lina pa foni ku shopu, mwana anatumiziridwanso lake pa WhatsApp. Kope lililonse likuona kuti nambala yaikulu ndi 46, ndipo lililonse lipereka MKT-0047. Fomula singathetse zimenezi. Gwirizanani kuti kaundula weniweni ndi mmodzi ndipo wotulutsa manambala ndi munthu mmodzi. Ngati anthu awiri ayenera kulemba, ikani fayilo imodzi pa Google Sheets kuti nonse muzitsegula yomweyo, ndipo aliyense azilemba nambala yake m'kaundula msangamsanga asanatumize PDF, ataona kaye kuti mnzake sanaitenge. Kumene netiweki imavuta, patsani aliyense zilembo zake ndi tsamba la kaundula lake, monga MKA- kwa wa ku shopu ndi MKB- kwa woperekera katundu ku Limbe. Zikatero MKA-0047 ndi MKB-0047 zikhoza kutuluka tsiku limodzi popanda kuwombana.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse tumizani kope la fayilo ku imelo yanu kapena liikeni pa fulashi, mulitche dzina lokhala ndi mwezi ndi chaka. Kope limenelo ndi losungira chabe, musatulutsiremo invoisi. Foni ikabedwa kapena laputopu ikafa, tsegulani kope lomaliza, onjezeranimo mainvoisi amene anatuluka pambuyo pake poyang'ana ma PDF amene munatumiza kwa makasitomala, ndipo muyambe kutulutsa atsopano pokhapokha nambala yaikulu ya mu kolamu B itafanana ndi ya pa PDF yomaliza.